Kalata kwa a Reserve Bank, a CFTC ndi mabwana a makampani a ndalama za pafoni: yotapira ikukweza mtengo wa katundu

Bwana Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, akuluakulu a Competition and Fair Trading Commission, komanso inu mabwana amene mumayendetsa ndalama za pafoni m'dziko muno,

Ndikulemba pa nkhani imodzi basi, ya ndalama imene munthu amalipira pamwamba pa mtengo wa katundu akasankha kulipira pafoni. Pitani mu msika uliwonse, kaya ndi ku Lizulu, ku Mchesi, ku Ndirande olo ku Jenda, mugwirizane mtengo ndi ogulitsa kenako munene kuti ndilipira pafoni, yankho lake mulimva nthawi yomweyo, "muikenso yotapira." Anthufe tinazolowera mpaka tinasiya kudabwa, koma ndalama imeneyi sinalembedwe pa katundu, siili pa lisiti, ndipo ogula amaidziwa atamaliza kale kunenelera. Kwa ine umenewu ndi mtengo wa katundu ndithu, chifukwa popanda kuilipira katunduyo sunyamula.

Airtel Money inayamba kuno mu 2012, Mpamba inabwera mu 2013, ndipo chiyambire nthawi imeneyo uthenga wanu wakhala umodzi, oti tisiye kuyenda ndi makashi tizilipira pafoni. Mu 2019 a Reserve Bank munafika potulutsa malamulo oti mabizinesi azikhala ndi njira yolandilira ndalama yosakhala ya kashi. Ife tinamvera, lero ndi agogo akumudzi omwe amadziwa kudina *211# kapena *444#. Vuto ndi loti mitengo ya ntchitoyi inakonzedwa ngati ya munthu amene akutumizira m'bale wake thandizo kamodzi pamwezi, otumiza alipire kutumiza, olandira alipire kutapa, nkhani yatha. Koma pano njira yomweyo ndi imene tikugulira chimanga, makala, simenti, nyemba, ndipo pogula katundu zolipira ziwiri zonsezo zimagwera munthu m'modzi, ogula.

Ndikuonetseni ndi thumba limodzi la chimanga. Manambala a zolipirawa ndaika ongoyerekeza kuti masamu aoneke poyera, inu matebulo enieni muli nawo mu ofesi, ikanimo anuwo muone ngati chithunzi chisinthe.

Tiyerekeze mphunzitsi wa pulayimale ku Area 25 akufuna thumba la makilogalamu 50 kwa mayi wina wa geni amene amapikula ku Mitundu, agwirizana K50,000. Malipiro a mphunzitsiyu amalowa ku banki, nde choyamba akoke ndalamayo kuchoka ku banki kupita mu foni, apo banki yadula tinene K500. Mayi aja akuti ine ndikufuna K50,000 yanga yathunthu m'manja, muike yotapira, tinene K1,800. Nde mphunzitsi satumizanso K50,000, atumiza K51,800. Tsono apa pali kanthu kamene anthu ambiri sakaona. Zolipira zimayenda m'magulu, kuyambira ndalama yakuti kulekeza yakuti mtengo wake ndi umodzi, ukangodutsa malire olo ndi K100 walowa gulu lina. Ngati gulu limathera pa K50,000 ndipo kutumiza kwake kunali K600, yotapira ija yamukankhira mu gulu lapamwamba, alipira K800. Ndiye kuti akulipira ndalama yotumizira ndalama yolipilira ndalama. Tikaphatikiza K500, K800 ndi K1,800 zikukwana K3,100. Thumba la K50,000 lagulidwa pa K53,100, kukwera ndi 6 peresenti ndi kakenso, thumba lake lomwe lija, osaonjezera olo chibakera cha chimanga.

Munthu wa kalembera wa mitengo akafika pa msika umenewo nkufunsa kuti chimanga chili pa bwanji, amuuza K50,000 ndipo alemba K50,000. Mayi ogulitsa akuti ndagulitsa K50,000, ndipo akunena zoona. Mphunzitsi yekha ndi amene akudziwa kuti mu akaunti mwake mwachoka K53,100.

Ndipo nkhani ya thumbali sinayambire pa mphunzitsi. Mayi aja pokapikula analipira mlimi kapena venda wa kumudzi pafoni, nayenso anawauza kuti aike yotapira. Wa lole amene ananyamula matumba anamutumizira pafoni, yotapira. Zonsezo mayi anaziwerengera kale mkati mwa K50,000 ija, chifukwa geni ya chimanga phindu lake pa thumba ndi lochepa, sangalole K2,000 ingopita. Ndalama yomweyo yatapidwa kwa ejenti wa ku Mitundu, yaikidwanso mu foni ya munthu wina madzulo ake, mawa yatumizidwa, yatapidwanso ku tauni, paliponse ikusiya kachidutswa ngati thumba lobooka pa kabaza. Amene amatolera zonsezo pamapeto ndi munthu ophika nsima.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti katunduyo akachepa, gawo lodulidwa limakula. Titenge manambala ongoyerekeza omwewo. Munthu akugula usipa ndi tomato za K2,000, kutumiza K100, yotapira K200, yonse K300. Pa maso ndi ndalama yochepa koma ndi 15 peresenti ya zimene wagula. Wina akugula malata a K500,000, olo zolipira zake zonse zitakwana K7,000, ndi 1.4 peresenti yokha. Tsono ndani amagula za K2,000? Ndi waganyu amene walandira ya tsikulo, mayi amene mwana wake wamutumizira kangachepe, mwana wa sukulu wa selofu. Anthu amenewa sagula thumba, amagula walikimani wa ufa lero, mawa kagawo ka mafuta ophikira, mkuja kamulu ka makala, ndipo kugula kulikonse kuli ndi zolipira zakezake. Amene ali ndi ndalama amalipira kamodzi pamwezi, osauka amalipira tsiku ndi tsiku pa peresenti yokwera. Sindikuona njira yoti zimenezi tizitchule chilungamo.

Mudzandiuza kuti koma pali njira yolipilira katundu, ya tilu kapena khodi ya bizinesi, imene ogula sayenera kuvutika ndi yotapira. Eya ilipo, m'masupamaketi akuluakulu ndi m'mafilingi siteshoni ena imagwira bwino. Koma tsikani mulowe mu golosale ya mu lokeshoni kapena hadiweya ya pa tireding'i senta muone zimene zikuchitika. Pakhoma pamatidwa pepala la nambala, unena kuti ndilipira pafoni, mnyamata wa pakauntala akuti "pangani kashi awuti pa nambala iyo." Nambalayo si ya tilu, ndi ya ejenti. Mwini shopu alinso ndi laini ya uejenti, nde iwe ogula ukuoneka ngati watapa ndalama pomwe sunagwire olo K50 ya pepala, wangonyamula shuga ndi sopo. Yotapira yadulidwa kwa iwe, ndipo mwini shopu pamwamba pa phindu la shuga walandiranso komishoni ya ejenti chifukwa makina awerenga kuti watapitsa kasitomala.

Zinandichitikirapo pogula simenti pa hadiweya ina, ndinafunsa ngati ali ndi tilu, anandiyankha kuti ilipo koma netiweki yake ikuvuta, pangani ya ejentiyi ndi yachangu. Wa ngolo anali atapakira kale matumba akundidikira panja, nde ndinalipira. Kuzindikira kwake nkosavuta kwa amene amawerenga meseji, ikabwera imanena kuti watapa ndalama kwa ejenti wakuti, osati walipira bizinesi yakuti, ndipo balansi imatsika kuposa mtengo wa katundu. Koma mesejiyo imabwera mu Chingerezi, ndalama itapita kale, ndipo anthu ambiri amangoyang'ana ngati yadutsa basi. Ndipo tsiku loti katunduyo wapezeka ndi vuto, simentiyo ndi youma, umboni umene uli nawo mu foni ukunena kuti unatapa ndalama, sukunena kuti unagula kanthu. Ukadandaula kuti ndi umboni wotere?

Makampani inu mumaona zimenezi pa makompyuta anu. Ejenti amene tsiku lonse akungotapitsa ndalama zosamalizika bwino ngati K7,350, K12,900, K3,450, osaikitsa olo kamodzi, ameneyo akugulitsa katundu, munthu otapa ndalama zenizeni amatapa K5,000 kapena K20,000. Kumupeza sikovuta. Koma mchitidwewu umakubweretserani ndalama zambiri kuposa tilu, nde ine sindiyembekezera kuti muuthetsa mwa kufuna kwanu, mpake ndalembera ndi a Reserve Bank omwe.

Sindikufuna kuwaunjikira milandu ogulitsa ang'onoang'ono ayi. Mayi wa tomato akamati muike yotapira sakuba, iye akufunadi kashi. Kumene amakapikula mbandakucha amafuna ndalama ya m'manja, kondakitala wa minibasi amafuna ya m'manja, wa chiphaso cha msika chimodzimodzi, wonyamula dengu naye sangadikire meseji. Ndalama ya mu foni kwa iye siinakhale ndalama mpaka atakaitapa, ndipo kutapako kuli ndi mtengo. Ena amaopa tilu chifukwa amva kuti pamadulidwa kena kake kumbali ya ogulitsa, ena amaopa kuti a MRA aziona zonse zolowa, ena mapepala olembetsera bizinesi alibe. Bola nambala yake ya masiku onse. Komano palinso ena amene amaitanitsa yotapira koma ndalamayo osakaitapa, amaigwiritsa ntchito mu foni momwemo kugula magetsi, kulipira fizi kapena kutumizira opikulitsa. Pamenepo yotapira ija yasanduka phindu lapadera, ogula walipira ntchito imene siinachitike, ndipo palibe njira yoti adziwe.

Kwa ejenti nakonso kuli zake. Mayi wa chimanga uja walandira K51,800, apita pa kabenchi ka ejenti kuti atape K50,000, ejenti akuti kashi yandithera ndili ndi K30,000 yokha, inayo kayeseni uko. Atapa K30,000 apa, K20,000 kwina, ndipo chifukwa cha magulu aja zolipira ziwirizo zikaphatikizidwa zimaposa ya kamodzi, tinene K1,200 ndi K1,000, yonse K2,200 m'malo mwa K1,800. K400 yaonjezekera chifukwa cha vuto limene si lake, la fuloti, ndalama imene ejenti amagwirira ntchito. Ulendo wina mayiyu sadzanenanso K1,800, adzati muike K2,500 kuti asaluze. Kumidzi kumene ejenti ndi m'modzi pa mtunda wautali, makamaka nthawi yokolola kapena tsiku la msika pamene aliyense akutapa palibe oikitsa, izi ndi za tsiku lililonse. Alipo ma ejenti ena amene kashi ali nayo koma amagawa dala kuti komishoni ichuluke, ndipo ena amaitanitsa kandalama kapadera pamanja akaona kuti kulibe kwina kopita. Ejenti naye ali ndi madandaulo ake, amakwera kabaza kukasintha fuloti, amakhala pa dzuwa ndi ndalama za eni pomwe akuba ali pompo, ndikudziwa. Koma mavuto onsewa akumathera mu mtengo wa chimanga.

Onjezani nkhani ya manetiweki awiri. National Switch, makina olumikiza mabanki ndi manetiweki a ndalama za pafoni, inathandiza, pano munthu wa Mpamba atha kutumizira wa Airtel Money osayenda, zimenezo tikuyamika. Koma ogulitsa akakhala pa netiweki ina iwe uli pa ina, umayamba kuwerengera kaye kuti zitsika mtengo ndi ziti, kutumiza modutsa kapena kukatapa kwa ejenti nkumupatsa kashi. Ambiri amasankha kukatapa, nde cholinga chanu chija chochepetsa makashi chathera pomwepo. Ena tikuyenda ndi masimu awiri, ndalama pang'ono uku pang'ono uku, tsiku logula chinthu chachikulu uyambe wasamutsa kaye kuti zikumane, kusamutsako nakonso kulipira.

Bwana Gavanala, chimene chimandipatsa mphamvu yolemba ndi choti munaonetsapo kale kuti zolipirazi zitha kusunthidwa. Mu Epulo 2020 nthawi ya Covid-19 munagwirizana ndi makampaniwa kuti kutumizirana pa netiweki imodzi kukhale kwaulere kwa miyezi itatu, ndipo kutumiza modutsa netiweki kunatsitsidwa kwambiri. Makampani sanagwe. Mu 2019 boma litaika mu bajeti msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni anthu anakuwa mpaka unachotsedwa, chifukwa aliyense anaona kuti ukapweteka osauka amene alibe akaunti ku banki. Nde ngati 1 peresenti inali yoopsa chonchija, bwanji tili chete pamene munthu ogula ndiwo za K2,000 akutha kutaya gawo loposa pamenepo kangapo? Kusiyana kwake nkoti msonkho uja unalengezedwa mu Nyumba ya Malamulo aliyense akumva, pomwe izi zimadulidwa K100 apa K200 apo.

Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Katundu atakwera, zinthu zimene kale zinali mu gulu lotsika la zolipira zinasamukira mu magulu okwera. Munthu akugula sopo yemweyo, mafuta omwewo, koma chifukwa nambala ya kwacha yakula akudulidwa zambiri. Malire a maguluwo akapanda kusunthidwa mogwirizana ndi kukwera kwa mitengo, zolipira zimakwera zokha popanda olengeza. Ndipo kashi imene mukuti tisiye ija nayo ndi yolemetsa, pepala lalikulu ndi K5,000 limene linatuluka mu 2022, kukagula malata ndi kashi ndi kunyamula mpukutu mu minibasi. Nde munthu alibe kothawira, kashi ndi chiopsezo, foni ndi kudulidwa.

Chimene ndikupempha choyamba ndi cha a Reserve Bank. Lamulani kuti kulipira katundu pa nambala ya ejenti kuthe, ndipo chilango chipite kwa kampani, osati kwa kamnyamata ka pakauntala, chifukwa kampani ndi imene ili ndi makina oonera ndipo ndi imene ikupindula. Shopu ikakhala ndi laini ya uejenti ikhalenso ndi tilu yogwira ntchito, nambala zonse ziwiri zilembedwe poonekera kuti iyi ndi yotapira iyi ndi yolipilira. Koma kuletsa kokha sikuthandiza ngati tilu ikhalabe ya mashopu akuluakulu. Mayi wa tomato, wa kabaza, wa chigayo, athe kutsegula tilu ndi chiphaso cha unzika basi, pa foni yake yomweyo ya mabatani, ndipo ndalama yolowa pa tilu athe kulipira nayo opikulitsa kwaulere komanso kutapako gawo lina pa tsiku motsika mtengo. Tsiku limene mayiyu adzaone kuti K2,000 ya pa tilu ndi K2,000 ndithu, mau oti muike yotapira adzawasiya yekha popanda omuopseza.

Pa ndalama zing'onozing'ono ikani malire, munene kuti kugula kosaposa ndalama yakuti sikudulidwa kanthu, ndipo malirewo aziunikidwa chaka ndi chaka pamodzi ndi magulu onse aja. Pamwamba pa malirewo ndikanakonda zolipira ziziyenda pa peresenti yodziwika yokhala ndi denga, kusiyana ndi magulu odumpha amene K100 imodzi imakulowetsa mu mtengo wina. Munthu atha kuwerengera peresenti pamtima ali pa msika, koma tebulo la magulu khumi ndi angapo palibe amene amaliloweza, ndi ogulitsa omwe amangoponya nambala yoti asaluze, nthawi zambiri yopitilira.

Kwa inu a makampani, musanandifunse PIN ndionetseni ndalama yonse imene ichoke, katundu yakuti, zolipira yakuti, pamodzi yakuti, pa ntchito iliyonse, kaya ndikutumiza, kutapa, kukoka ku banki kapena kudutsa netiweki. Zikhale mu Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao kwa amene wasankha. Otumiza athenso kuona kuti yotapira yeniyeni ya ndalama imene akutumizayo ndi zingati, kuti ogulitsa akanena K2,500 pomwe ndi K1,800 akhale ndi poyambira kukambirana. Mapepala a mitengo amene amamatidwa pa mabenchi a ma ejenti ambiri anafufutika ndi dzuwa, ena ndi a mitengo yakale, zilembo zake zing'onozing'ono zoti munthu wamkulu sangawerenge. Ndipo ejenti akalephera kupereka ndalama yonse kamodzi chifukwa cha fuloti, makina anu aziphatikiza zimene munthu watapa tsiku limenelo nkumudula ngati watapa kamodzi. Mumatha kuwerengera malire a ndalama zimene munthu watumiza pa tsiku, nde izinso mungathe.

A CFTC, inu mumalimbikira kuti mashopu azilemba mitengo pa katundu ndipo kasitomala alipire zimene zalembedwazo. Shopu yolembetsedwa imene yalemba K12,000 pa shelefu koma mu foni mwa kasitomala mukuchoka yoposa pamenepo chifukwa yamulozera nambala ya ejenti, imeneyo yagulitsa pa mtengo wina osati olembedwawo. Tumizani anthu anu akagule ngati makasitomala wamba m'mahadiweya, m'mafamase ndi m'magolosale a m'matauni ndi m'maboma, alipire pafoni, asunge mameseji, muone kuti ndi angati akutapitsa m'malo molandira malipiro. Yambani ndi ogulitsa feteleza ndi mbeu mvula isanagwe, chifukwa pamenepo mpamene mlimi amalipira ndalama yaikulu kamodzi, mizere ili yaitali, ndipo alibe nthawi yokangana za nambala.

Pomaliza Bwana Gavanala, malipoti anu a njira zolipilira amatiuza kuchuluka kwa anthu olembetsa ndi ndalama zimene zadutsa pafoni, manambala ake amakula chaka ndi chaka. Muonjezeremo tsamba limodzi losonyeza kuti munthu ogula katundu wa K2,000, wa K10,000 ndi wa K50,000 amataya zingati pa njira iliyonse, pa tilu, pa nambala ya munthu ndi yotapira yake, pa nambala ya ejenti, ndi modutsa netiweki, kampani iliyonse payokha. Tsamba limenelo lizituluka miyezi itatu iliyonse, liziwerengedwa pa wailesi mu zilankhulo zathu, ndipo loyamba tikufuna tilione nyengo yogula zipangizo za ulimi ikubwerayi isanayambe.

Ine wanu,
Ogula wamba wa ku Lilongwe